Kugawa chuma m'mitundu yosiyana kuti tsoka limodzi lisakusiyeni manja lende: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la munthu amene wasunga kangachepe, kaya kuchokera pa geni, pa malipiro, pa zokolola kapena pa ndalama za penshoni, ndipo akufuna kuti vuto limodzi likagwa lisamulande zonse. Mafunsowa ndi amene amabwerabwera anthu akamakambirana za ndalama kuno ku Malawi. Ziwerengero za m'chitsanzo chachikulu ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, ndipo si lamulo loti aliyense atsatire.

Kodi kugawa chuma m'mitundu yosiyana n'kutani kwenikweni?

N'kusunga chuma chanu m'zinthu zimene sizingagwe ndi vuto limodzimodzi pa nthawi imodzi. Alimi athu amachita zimenezi kalekale m'munda wa kasakaniza: chimanga, nandolo ndi chinangwa. Mvula ikadula mu Febuluwale chimanga chimafota, koma chinangwa chimapirira ndipo pakhomo sagona ndi njala. Chimene chimapulumutsa banjalo si kuchuluka kwa mbewu, koma kuti mbewuzo siziopa chinthu chimodzi.

Pa ndalama, mitundu imene Mmalawi wamba angaifikire ndi yowerengeka. Pali ndalama zenizeni za ku banki kapena za mufoni. Pali ndalama zobwereketsa kuti zibwere ndi chiwongoladzanja, monga akaunti yotsekera, banki m'khonde, SACCO ndi zikalata za ngongole ya boma. Pali masheya a makampani. Pali malo ndi nyumba. Pali ziweto ndi mbewu zosunga. Ndiye pali geni yanu ndi ntchito yanu, zimene anthu ambiri saziwerengera ngakhale kuti n'zimene zimadyetsa pakhomo mwezi ndi mwezi. Mtundu uliwonse uli ndi mdani wake, ndipo ntchito yonse yagona pa kumudziwa mdaniyo.

Ndalama zanga zili kale m'malo anayi: akaunti wamba, akaunti yotsekera, banki m'khonde ndi zikalata za boma. Kodi sindinagawe kale?

Mwagawa malo osungira, koma mtundu ndi umodzi. Zonse zinayi ndi malonjezo oti mudzalandira makwacha, ndipo mdani wa zonsezo ndi kuchepa mphamvu kwa kwacha. Mwadziteteza ku vuto loti banki imodzi itsekedwe kapena msungichuma wa gulu athawe, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma tsiku limene kwacha yagwa, zonse zinayi zimagwa limodzi.

Izi si zongoopseza. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa ndipo inasiyidwa kuti iziyenda ndi msika. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene anali ndi K6 miliyoni anagona ali ndi chuma chokwana madola pafupifupi 5,000, n'kudzuka ali ndi 3,500, pomwe pa foni pake nambala sinasinthe. Simenti, malata, feteleza ndi mankhwala, zomwe zambiri zimadalira ndalama zakunja, zinakwera patangopita masiku ochepa.

Ngakhale popanda chilengezo cha banki yaikulu, kukwera mitengo kwa zinthu kumadya ndalama mwakachetechete. Mu 2024 mitengo inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo pa chaka. Tiyerekeze kuti malo anu anayi aja akupatsani chiwongoladzanja cha 12 peresenti mukawaphatikiza. K6 miliyoni isanduka K6.72 miliyoni, ndipo mtima ukondwa. Koma katundu amene chaka chatha anali K6 miliyoni tsopano ndi K7.8 miliyoni. Ndalama zanu zikugula zinthu zofanana ndi za K5.2 miliyoni ya chaka chatha. Mwataya pafupifupi K800,000 popanda wakuba, popanda moto, ndipo palibe amene angakutumizireni uthenga wokuuzani.

Ndiye ndingadziwe bwanji ngati zinthu zanga zili zosiyanadi?

Tengani pepala, lembani zonse zimene muli nazo kumanzere, kuphatikizapo ntchito kapena geni yanu. Kenaka funsani mafunso anayi pa chinthu chilichonse. Kwacha itagwa, ichi chingatsale? Mvula itakanika kapena madzi atasefukira m'dera lathu, ichi chingatsale? Abwana atanditsanzika kapena geni itaima, ichi chingatsale? Munthu mmodzi amene ndamukhulupirira atandikhumudwitsa, ichi chingatsale? Ngati funso limodzi likugwetsa zinthu zoposa theka la chuma chanu, ndiye kuti simunagawe, kaya zinthuzo zikhale khumi.

Funso la mvula ndi limene limadzidzimutsa anthu a kumudzi. Taganizirani bambo wa ku Phalombe amene ali ndi munda wa chimanga, mbuzi, kagolosale pa msika wa m'mudzi, ndi ndalama zimene wabwereketsa mu banki m'khonde. Zikuoneka ngati zinthu zinayi. Koma chilala chikabwera, monga cha 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chimanga chimakanika. Aliyense amathamangira kugulitsa mbuzi kuti agule chakudya, choncho mtengo wa mbuzi umatsika pomwe wa chimanga ukukwera. Pa golosale makasitomala amatha, otsala amangotenga pa ngongole. Mu banki m'khonde anthu amalephera kubweza chifukwa nawonso sanakolole. Zinayi zonsezo zinaima pa mvula ya dera limodzi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anachita zimenezi usiku umodzi m'madera a Phalombe, Mulanje ndi Blantyre: munda, khola, nyumba ndi ndalama za pansi pa matiresi zinapita ndi madzi amodzimodzi.

Ogwira ntchito nawo ali ndi msampha wawo. Ngati malipiro anu amachokera ku kampani, n'kugulanso masheya a kampani yomweyo, n'kusunga ndalama mu SACCO ya ogwira ntchito a pomwepo, tsiku limene kampaniyo yalowa m'mavuto zonse zitatu zimagwedezeka. Pamenepo masheya anu ayenera kukhala a makampani ena, a ntchito zina.

Tandipatsani chitsanzo chokhala ndi manambala.

Titenge mayi amene amagulitsa kaunjika mu msika wa Limbe. Pakhomo pake pamatha K300,000 pa mwezi. Kupatula katundu wa pa benchi, wasunga K6 miliyoni, ndipo alibe ngongole. Geni yake ili ndi adani awiri akuluakulu: moto kapena kuba mu msika, ndi kusowa kwa madola kumene kumakweza mtengo wa mabelo. Choncho chinthu choyamba n'kukana mtima wofuna kuthira K6 miliyoni yonseyo m'mabelo, ngakhale kuti ndiwo malonda amene amawadziwa bwino.

Akhoza kuyamba ndi K900,000 ya ngozi, yokwana miyezi itatu ya pakhomo, yosungidwa ku banki ndi pang'ono mufoni. Ndalama imeneyi idzadyedwa ndi kukwera mitengo, ndipo iye akudziwa. Ntchito yake si kupindula, koma kupezeka tsiku lomwelo mwana akagonekedwa m'chipatala. Kenaka K1.5 miliyoni alowetse mu zikalata za boma, theka la masiku 182 ndi theka la masiku 364, kuti zisamapse tsiku limodzi. K1.5 miliyoni ina agule masheya a makampani atatu kapena anayi a ntchito zosiyana. K1.5 miliyoni yachitatu ipite ku zinthu zogwirika: K900,000 ya mbuzi kwawo kumudzi ndi K600,000 ya chimanga chogula nthawi yokolola. K600,000 yotsala ikhale ku banki m'khonde kapena SACCO, komwe angabwerekenso mwachangu belo likapezeka pa mtengo wabwino.

Tsopano tibweretse mavuto limodzilimodzi. Matenda atalowa m'khola n'kupha theka la mbuzi, wataya K450,000, yomwe ndi 7.5 peresenti ya chuma chake. Gulu la banki m'khonde litasweka ndalama zonse n'kupita, wataya K600,000, kapena kuti 10 peresenti. Masheya atatsika ndi 40 peresenti, wataya K600,000 pa pepala, ndipo safunika kugulitsa pa mtengo wotsikawo chifukwa ndalama ya ngozi ilipo. Msika utapsa, katundu yense wa pa benchi wapita, koma m'mawa wake ali ndi K900,000 m'manja, ndipo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi boma limubwezera ndalama za theka la zikalata zake kuti ayambirenso.

Nanga mitengo ikakwera ndi 30 peresenti? K900,000 ija itsala ndi mphamvu ya pafupifupi K700,000. Zikalata za boma, tiyerekeze kuti zikupereka 26 peresenti monga zinkachitira za masiku 364 mu 2024, ndipo boma ladula msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanjacho, zimusiyira pafupifupi 21 peresenti. K1.5 miliyoni isanduka K1.81 miliyoni, yomwe mphamvu yake ndi pafupifupi K1.4 miliyoni. Pamenepa wataya K300,000 yokha pa zigawo ziwirizi, pomwe mbuzi ndi chimanga zimakonda kukwera limodzi ndi mitengo ina.

Chaka choipitsitsa kwa iye ndi cha chilala, chifukwa mavuto amabwera atagwirana manja. Mbuzi zatsika mtengo ndi theka, banki m'khonde yabweza theka lokha, mitengo yakwera. Mukaphatikiza K450,000, K300,000 ndi K300,000, wataya K1,050,000, yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chake. Ndipo m'chaka chomwecho chimanga chimene anasunga chakwera mtengo kwambiri, n'kubweza ina mwa ndalamazo. Zapweteka, koma ana akadali pa sukulu ndipo benchi ikadali yotsegula.

Kodi pochita zimenezi sindikudzichepetsera phindu?

Inde, ndipo n'kofunika kuvomereza zimenezi poyera. Masheya aja atakwera kawiri, mayi wathu apindula K1.5 miliyoni, pomwe mnzake amene anathira zonse m'masheya apindula K6 miliyoni. Kuyambira 2023 mpaka 2025 masheya ambiri pa Malawi Stock Exchange, makamaka a mabanki, anakwera kwambiri, ndipo amene anagawa chuma chawo anatsalira poyerekeza ndi anzawo. Munthu wogawa chuma sakhala woyamba m'chaka chabwino.

Chimene akugula ndi phindu losiyalo ndi ichi: kuti asadzabwerere pa ziro. Masamu a kutaya ndi ankhanza. Mukataya 10 peresenti, mufunika kupindula 11 peresenti kuti mubwerere pomwe munali. Mukataya theka, mufunika kupindula 100 peresenti. Mukataya zonse, palibe peresenti imene ingakubwezeni. Alimi a nandolo a m'chigawo cha kummwera anaziona mu 2017. Mitengo inali yabwino zaka zam'mbuyo, ambiri anakulitsa minda, kenaka dziko la India, lomwe linali msika waukulu, linaika malire pa nandolo wochokera kunja ndipo mtengo unagwa nandolo ali m'matumba. Mbewuyo inabereka bwinobwino. Chimene chinagwa ndi wogula mmodzi amene onse ankamudalira.

Zikalata za boma amati n'zotetezeka kuposa zonse. Bwanji osaika zonse kumeneko?

Zikalatazi, zimene pa mafomu a ku banki zimalembedwa kuti Treasury Bills, ndi ngongole imene mukupatsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364. Zimagulitsidwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo munthu wamba amagula kudzera ku banki yake kapena ku makampani ogulitsa zikalata. N'zoona kuti boma silithawa ngati mnzanu wa m'gulu. Koma taona kale kuti chiwongoladzanja chake, mukachotsa msonkho, chikhoza kukhala pansi pa kukwera kwa mitengo.

Palinso china. Maboma nawo amatha kulemedwa ndi ngongole. Zambia inalephera kulipira ngongole yake yakunja mu Novembala 2020. Ghana, kumapeto kwa 2022, inapempha nzika ndi mabanki ake kuti asinthanitse zikalata zawo za nthawi yaitali ndi zina zolipira mochepa ndiponso mochedwa. Sindikunena kuti zimenezi zichitika kuno. Ndikunena kuti wobwereka mmodzi, ngakhale akhale boma, asatenge chuma chanu chonse.

Dziwaninso kuti mwina mwabwereketsa kale boma kuposa mmene mukuganizira. Mabanki athu amaika ndalama zambiri mu zikalata za boma ndipo gawo lalikulu la phindu lawo limachokera kumeneko. Makampani osunga penshoni amachitanso chimodzimodzi. Ngati muli pa ntchito yolembedwa, 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya abwana zimapita ku thumba la penshoni mwezi uliwonse, ndipo thumbalo limagula zikalata za boma, masheya a pa msika wathu ndi nyumba. Choncho munthu amene ali ndi penshoni, zikalata za boma ndi masheya a mabanki okhaokha ali ndi zinthu zitatu zimene zonse zikuyang'ana ku thumba la boma.

Pa masheya, kugula makampani ambiri n'kokwanira?

Zimadalira kuti ndi makampani ati. Msika wathu wa masheya ku Blantyre ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20, ndipo angapo ndi apachibale. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank of Malawi komanso mu TNM. NICO Holdings ili ndi gawo lalikulu mu NBS Bank. NITL ntchito yake n'kusunga masheya a makampani ena a pa msika womwewo. Munthu akagula NICO ndi NBS, kapena Press ndi National Bank, wagula chinthu chimodzi kawiri pang'ono. Akagula mabanki anayi, wagula ntchito imodzi kanayi.

Kusiyanitsa kwenikweni n'kuyang'ana komwe kampani imapezera ndalama. Banki imadalira chiwongoladzanja. Kampani ya mafoni monga Airtel kapena TNM imadalira mayunitsi ndi mabando amene tonse timagula, koma zipangizo zake imagula ndi madola. Illovo imadalira nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, choncho imaopa nyengo. Sunbird imadalira alendo ndi misonkhano. MPICO ndi ICON zimadalira lendi. FMBCH ili ndi mabanki m'maiko ena monga Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, kotero phindu lake silonse la makwacha.

Kuti mugule mumapita kwa buloka wovomerezeka, yemwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, mumatsegulitsa akaunti ya CSD yosungiramo masheya anu, ndipo pogula ndi pogulitsa pamakhala kamtengo kolipira. Vuto limene anthu amalizindikira mochedwa n'lakuti masheya ena amatha masiku osapeza wogula. Ndalama ya fizi ya teremu yamawa isalowe kumeneko. Masheya ndi a ndalama imene mungaisiye zaka zisanu kapena kuposerapo. Amene alibe nthawi yosankha makampani angalowe mu thumba losonkherana limene anthu amati yuniti tirasiti, koma afunse kaye kuti thumbalo limagula chiyani. Lina limangogula zikalata za boma ndi kutsekera ndalama m'mabanki, ndiye kuti mwabwerera ku makwacha okhaokha.

Ine ndimakhulupirira malo ndi nyumba basi. Puloti sawola. Ndalakwa?

Simunalakwe kukonda malo. Pa zaka zimene kwacha yakhala ikugwa, malo ndi nyumba zasunga chuma cha mabanja ambiri. Vuto n'lakuti puloti limatenga ndalama zambiri pa chinthu chimodzi, pa malo amodzi, ndipo silidulika. Simungagulitse khonde kuti mulipire opaleshoni. Mukafuna ndalama sabata ino, wogula amaona kuti mwapanikizika ndipo amakupatsani mtengo wachipongwe.

Adani a malo ndi mapepala ndi madzi. Puloti limodzi limatha kugulitsidwa kwa anthu awiri, kapena wogulitsa amakhala kuti si mwini wake weniweni wa malo a banja. Musanapereke ndalama, fufuzani ku ofesi ya za malo kapena ku khonsolo, onanani ndi amfumu ndi oyandikana nawo, ndipo funsani akuluakulu a m'deralo kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka. Nyumba ya lendi nayo ili ndi miyezi yopanda munthu, alendi osalipira ndi denga lofuna kukonza. Ndipo nyumba yosatha, yoima pa lintala kwa zaka, sibweretsa kanthu. Ngati kumanga kudya ndalama zanu zonse mpaka ya ngozi yomwe, mangani mwapang'onopang'ono.

Nanga ziweto ndi mbewu zosunga?

Zimathandiza chifukwa mtengo wake umatsata mitengo ya zinthu, ndipo mbuzi imodzi imagulitsika tsiku la msika. Koma musawete mtundu umodzi. Chigodola cha nkhumba chilibe katemera amene mlimi wathu angagule, ndipo chikalowa chimasesa khola lonse. Chitopa chimatha nkhuku, ngakhale chili ndi katemera wotsika mtengo amene ambiri amamunyalanyaza. Ku Chikwawa ndi Nsanje matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe, ndipo ng'ombe yanu yamoyo simungaigulitse. Ziweto zosungitsa kwa achibale zimafunanso kuti muzikaziona ndi kugwirizana poyera za ana obadwa.

Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, n'kukwera chakumayambiriro kwa chaka. Sizichitika chaka chilichonse. Zokolola zikachuluka kapena boma likaletsa kutumiza kunja, mtengo ukhoza kuima. Anankafumbwe ndi chinyezi amadyanso phindu, choncho werengerani mtengo wa mankhwala kapena matumba osalowa mpweya musanaone ngati mwapindula.

Kodi ndingosunga madola?

Malamulo a ndalama zakunja kuno ndi okhwima, ndipo kugula madola kwa anthu a m'misewu n'kulakwira lamulo, kuwonjezera pa ngozi yopatsidwa achinyengo. Akaunti za ndalama zakunja zilipo kwa amene amalandira ndalama zoterozo movomerezeka, ndipo banki yanu ingakuuzeni ngati mukuyenera. Kwa ena tonse, njira yapafupi ndi kukhala ndi zinthu zimene mtengo wake umatsata dola. Ngati mukudziwa kuti mumanga chaka chino, kugula malata lero n'kodziteteza kuposa kusunga makwacha a malatawo. Simenti yokha musasunge nthawi yaitali chifukwa imauma.

Abale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande ali ndi mwayi umene ife tilibe, woti chuma chawo chikhale m'maiko awiri. Kutumiza zonse kumudzi kuti m'bale mmodzi amange nyumba n'kuika zaka zonse za thukuta pa munthu mmodzi ndi puloti limodzi. Siyani gawo komwe mukugwira ntchito, ndipo za kumudzi zikhale m'dzina lanu ndi mapepala ake. Koma dola nayo si linga. Ku Zimbabwe, kukwera mitengo kwa 2008 kunapukuta mapenshoni ndi inshulansi za anthu, ndipo mu 2019 ndalama za m'maakaunti zimene anthu ankaziwerenga ngati madola a ku Amereka zinasandutsidwa ndalama ya m'dzikomo, yomwe inagwa mofulumira. Amene anatsala ndi kanthu ndi amene anali ndi zinthu za mitundu ingapo.

Ndili m'magulu atatu a banki m'khonde. Kumeneko si kugawa?

Ngati magulu atatuwo ali m'dera limodzi, mwina anthu obwereka ndi omwewo, ndipo ena amabwereka kuno kuti akabweze uko. Mmodzi akagwa, magulu onse amamva. Onani zizindikiro: buku la gulu silikuwerengedwa poyera pa msonkhano, munthu mmodzi watenga ngongole yoposa katatu masheya ake, ndalama zikubwereketsedwa kwa anthu akunja kwa gulu, kapena tsiku logawana likungosunthidwa. SACCO yolembetsedwa imayang'aniridwa ndi malamulo a zachuma, pomwe banki m'khonde imaima pa kukhulupirirana kokha. Ku mabanki kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation limene limabweza ndalama za osunga banki ikagwa, koma mpaka pa mlingo woikika. Funsani mlingowo, ndipo ngati ndalama zanu zaupitirira, gawani m'mabanki awiri.

Pali anthu akulonjeza 30 peresenti pa mwezi. Ndiikeko pang'ono ngati mbali ya kugawa?

Ayi. Kugawa kumachitika pakati pa zinthu zenizeni, zimene mungafotokoze komwe phindu lake likuchokera. Malo amene amalipira akale ndi ndalama za atsopano, n'kumakuuzani kuti mubweretse anzanu, si mtundu wa chuma. Funsani chiphaso chochokera ku Reserve Bank. Akayamba kuzungulira, sungani ndalama zanu.

Ndili ndi K200,000 yokha. Zimenezi zikundikhudza?

Zikukukhudzani, koma musaiphwanye m'tizidutswa tisanu, chifukwa zolipira ndi maulendo zidzadya phindu. Ngati muli ndi ngongole ya katapila, bwezani kaye imeneyo, popeza palibe sheya kapena mbuzi imene ingabereke mofulumira kuposa chiwongoladzanja chake. Kenaka sungani ndalama ya mwezi umodzi pamalo pofikirika. Yotsalayo iikeni m'chinthu chimodzi chimene mdani wake ndi wosiyana ndi wa ntchito yanu. Wolandira malipiro a makwacha ayambe ndi chinthu chogwirika kapena masheya. Mlimi, amene zonse zake zili pa mvula, ayambe ndi ndalama ya ku banki kapena SACCO ya kunja kwa mudzi wake.

Ndikagawa kamodzi, ndathana nazo?

Ayi, chifukwa zigawo zimakula mosiyana. Tibwerere kwa mayi wa ku Limbe. Masheya ake atakwera kuchoka pa K1.5 miliyoni kufika pa K3 miliyoni, zina zonse zili pomwepo, chuma chake chakwana K7.5 miliyoni ndipo masheya atenga 40 peresenti m'malo mwa 25. Tsopano kutsika kwa msika kungamupweteke kwambiri kuposa mmene anakonzera. Kuti abwerere pa 25 peresenti, masheya ayenera kukhala pafupifupi K1.9 miliyoni, choncho angagulitse a K1.1 miliyoni n'kuwonjezera ku zigawo zotsalira. Zimenezi zimawawa, chifukwa mukugulitsa chimene chikukondweretsani. Njira yofewa n'kusiya kugula masheya ena, n'kumaika madividendi, omwe ndi phindu limene makampani amagawira eni masheya, ndi phindu la geni ku zigawo zina mpaka zitafanana.

Kamodzi pa chaka n'kokwanira, mwina mukakolola kapena gulu likagawana. Pa tsikulo onaninso ngati ndalama ya ngozi ikukwanabe miyezi itatu, popeza K300,000 ya pakhomo ikhoza kukhala itafika K390,000. Zaka zikamapita ndipo nthawi yopuma ntchito ikayandikira, gawo la masheya lizichepa, la ndalama zofikirika lizikula.

Chuma chikamwazikana chonchi, banja langa lidzachipeza bwanji ine nditachoka?

Ili ndi vuto limene kugawa kumabweretsa, ndipo lataya chuma cha mabanja ambiri. Masheya amene mkazi kapena mwamuna wanu sakuwadziwa, mbuzi zimene zili kwa amalume popanda mboni, akaunti ya pa nambala ya foni yakale, zonsezi zimatha kusowa mwini akamwalira. Lembani pepala limodzi lotchula banki iliyonse, dzina la buloka ndi nambala ya CSD, gulu ndi mlembi wake, komwe kuli mapepala a puloti, ndi amene akusunga ziweto. Manambala achinsinsi musalembepo. Pepalalo likhale m'malo awiri osiyana, limodzi kunja kwa nyumba yanu, ndipo muzilikonzanso tsiku lomwelo lounikira zigawo. Onaninso kuti maina a olandira penshoni yanu ndi olondola, makamaka ngati mwakwatira kapena kubereka kuchokera pamene munadzaza fomu, ndipo lembani wilo yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho.